Ndowa imodzi ya madzi a matope: phunziro la sayansi la pasukulu yopanda labotale

Mvula ikagwa usiku m'phiri la Mulanje, madzi a mtsinje wa Likhubula amafika pa Chitakale m'mawa ali ofiira ndi matope. Ndowa imodzi ya madzi amenewo, mchenga wa m'mphepete mwa mtsinje, mabotolo apulasitiki otoleredwa pamsika ndi dzuwa la masana n'zokwanira kuphunzitsira ana a Sitandade 6 mpaka Fomu 1 kwa mlungu wathunthu. Funso lomwe phunziroli likuyankha ndi limodzi: kodi madzi akamaoneka oyera ndiye kuti ali bwino kumwa? Yankho lake ndi lakuti m'madzi mumakhala zinthu za mitundu itatu, zomwe ndi matope, zinthu zosungunuka monga mchere, ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo njira yochotsera chimodzi siichotsa chinzake. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, kuziloweza kumakhala kosafunikanso.

Tisanayambe, pali malamulo atatu osafunika kukambirana. Madzi a mumtsinje akatunge ndi mphunzitsi kapena munthu wina wamkulu, chifukwa mitsinje yochokera m'phiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kunsi kuno kusanagwe dontho. Mabotolo adule ndi mphunzitsi. Ndipo mwana aliyense asamwe kapena kulawa madzi a mumtsinje pa gawo lililonse la phunziroli, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Choyezera chathu choyamba

Sayansi imayamba pamene tasiya kunena kuti "madziwa ayera pang'ono" ndi kuyamba kutchula nambala. Choncho chinthu choyamba kupanga si sefa ayi, koma chida choyezera kuchuluka kwa matope. Dulani mutu wa botolo loonekera mkati la malita 2, ikani ndalama yachitsulo pansi pake, ndipo imikani rula m'mbali mwake. Mwana mmodzi azithira madzi pang'onopang'ono, wina aziyang'ana ndalamayo kuchokera pamwamba. Ndalama ikangosiya kuoneka, wothira aleke, ndipo wachitatu awerenge pa rula kuti madzi afika masentimita angati. Nambala yaing'ono itanthauza matope ambiri. Nambala yaikulu itanthauza madzi oyera.

Chida chimenechi chili ndi khalidwe lake. Mukayeza padzuwa, kunyezimira kwa pamwamba pa madzi kumabisa ndalama msanga, choncho yezerani pamthunzi, pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. Maso a ana amasiyananso, ndiye gulu lililonse liyeze katatu ndi kutenga nambala ya pakati. Magulu akapeza nambala zosiyana pang'ono, musathamangire kulengeza kuti lina lalakwa. Afunseni chomwe chasiyanitsa, ndipo kawirikawiri adzapeza okha kuti gulu lina linatunga pamwamba pa ndowa yomwe inali itakhala kale kanthawi, pomwe lina linayamba laivundula.

Kudikha kwa matope

Tengani botolo lina losadula, thiranimo dothi la m'munda wa sukulu lophwanya bwino mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, onjezani madzi mpaka pafupi kudzaza, tsekani ndi kukhutchumula kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenaka liimikeni pawindo pomwe silidzagwedezeka. Pakangotha mphindi imodzi mudzaona kuti mchenga wakhala kale pansi. Lembani mzere pabotolo pomwe walekezera. Pakatha maola 2, pamwamba pa mchengawo padzakhala patayala dothi losalala ngati ufa. Lembani mzere wachiwiri. Madzi adzakhalabe ofiira, chifukwa dongo limatenga tsiku limodzi, masiku awiri, ngakhale kupitirira pamenepo kuti lidikhe.

Chifukwa chake ndi kukula kwa timibulu. Kambulu ka mchenga kamakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 2, pomwe ka dongo sikafika ndi mamilimita 0.002 omwe. Kwa timibulu tating'ono chotere, liwiro lomirira limatsika mofulumira kuposa kukula kwake: kambulu kochepa kawiri kamamira pang'onopang'ono kanayi, ndipo kochepa kakhumi kamamira pang'onopang'ono ka 100. N'chifukwa chake mchenga umatsalira m'makhwawa pafupi ndi phiri, pomwe dongo limayenda ndi madzi mtunda wautali.

Apa pali masamu abwino. Tiyerekeze kuti dothi lonse lomwe ladikha lafika masentimita 10, ndipo mchenga ndi masentimita 6, dothi losalala 3, dongo 1. Ndiye kuti pa magawo 100 alionse, 60 ndi mchenga, 30 ndi dothi losalala, 10 ndi dongo. Gulu lina litenge dothi la pachulu, lina la m'dimba la m'mbali mwa mtsinje, ndipo afanizire. Ngati mizere sikuoneka bwino, kawirikawiri ndiye kuti zibuma sizinaphwanyike, ndipo timibulu ta dongo tagwirana n'kumira limodzi ngati mchenga. Kadontho ka sopo wamadzi kamathandiza kutimasula.

Tsiku lomwelo thirani madzi a mumtsinje m'mabotolo awiri. Limodzi muyeze nthawi yomweyo, lina ligone usiku wonse, m'mawa mukhuthule mosamala madzi a pamwamba okha ndi kuyeza. Kusiyana kwa nambala ziwirizo ndi ntchito yomwe kudikha kokha kwagwira, popanda kulipira kanthu.

Sefa ya mchenga

Apa ndi pomwe pamafunika kudekha, chifukwa sefa zambiri zopangidwa m'kalasi zimatulutsa madzi akuda kuposa omwe analowa, ana n'kuseka, phunziro n'kuthera pomwepo. Cholakwika chimakhala chimodzi nthawi zambiri: mchenga sunatsukidwe. Mchenga wa mumtsinje umabwera ndi dongo lake. Uikeni m'beseni, thirani madzi a pamjigo, vundulani ndi dzanja, dikirani masekondi ochepa ndi kutaya madzi a pamwamba. Bwerezani mpaka madzi otayawo ayambe kuoneka oyera, zomwe zingatenge maulendo asanu kapena kupitirira. Kenaka uumitseni ndi kuusefa pachidutswa cha neti yakale yong'ambika, yomwe inasiya kale ntchito yoteteza ku udzudzu. Wodutsa paneti ndiye mchenga wosalala, wotsalira pamwamba ndiye wokhakhala. Tsukaninso timiyala ting'onoting'ono tokula ngati nyemba.

Dulani pansi pa botolo la malita 2 ndi kulizondotsa, kukamwa kuloze pansi. Mangani kansalu koyera pakamwapo. Yambani ndi timiyala, masentimita ngati 4, kenaka mchenga wokhakhala masentimita 3, pomaliza mchenga wosalala masentimita 10, kusiya mpata pamwamba woti madzi aziimamo. Ana ambiri amaganiza kuti timiyala ndi tomwe timayamba kusefa, koma ntchito yake ndi kungochirikiza mchenga kuti usatuluke ndi madzi. Wosefa weniweni ndi mchenga wosalala wa pamwamba. Ikani kamwala kaphanthiphanthi pamwamba pa mchengawo kuti madzi azigwera pamenepo, asamakumbe dzenje. Musanathire madzi a matope, dutsitsani madzi oyera mpaka otuluka akhale oyera.

Tsopano thirani madzi omwe anagona usiku aja, pang'onopang'ono, ndipo mwana mmodzi awerenge nthawi yomwe kapu imatenga kuti idzaze. Kapu yoyamba itayeni, chifukwa amenewo ndi madzi otsukira aja omwe anatsalira mumchenga. Mukawayeza mudzadzinamiza kuti sefa yanu ndi yodabwitsa. Sonkhanitsani otsatirawo ndi kuyeza ndi ndalama ija. Pabolodi pakhale nambala zitatu. Mwachitsanzo, gulu lingapeze kuti ndalama inabisika pa masentimita 2 m'madzi a mumtsinje, pa masentimita 7 m'madzi ogona usiku, ndipo m'madzi osefa inaonekabe mpaka botolo kudzaza. Nambala zanu zidzakhala zina malinga ndi mvula ya tsikulo, ndipo zanuzo ndi zomwe zilembedwe m'makope.

Sefa imadziulula yokha ikakhala ndi vuto. Madzi akamatuluka mothamanga ngati pampopi ali ofiirabe, yang'anani m'mbali mwa botolo: mudzaona kanjira komwe madzi atsegula pakati pa mchenga ndi pulasitiki, kulambalala sefa yonse. Zimachitika mchenga ukathiridwa wouma n'kusiya mipata. Kupewa kwake ndi kuthira mchenga m'botolo muli kale madzi pang'ono. Madzi akamangodontha movutikira pambuyo pa makapu angapo, ndiye kuti pamwamba pamatidwa ndi matope. Palani sentimita imodzi ya pamwamba, ndipo ana adzaona kuti mchenga wa pansi pake ukadali woyera. Umenewo ndi umboni wa komwe ntchito yaikulu imachitikira. Koma madzi akamatuluka pang'onopang'ono ali ndi kamtundu ka tiyi wamkaka, sefa ilibe mlandu. Limenelo ndi dongo losalala kwambiri, lomwe timibulu take ndi tochepa kuposa mipata ya pakati pa mchenga. N'chifukwa chake kumalo oyeretsera madzi a m'mipopi, monga ku Nguludi komwe bungwe la Blantyre Water Board limayeretsera madzi ochokera mu Likhubula yemweyu, sadalira mchenga wokha. Malo otere amakhala ndi mankhwala ogwirizanitsa timibulu ta dongo kuti tilemere n'kumira, ndipo pomaliza amathira klorini.

Gulu lina lingafune kuonjezera makala. Ndi bwino, bola akhale osinja ndi otsuka, ndipo pakhale sefa ina yopanda makala yofanana nayo pa zina zonse. Lamulo lake ndi limenelo pa kuyesa kulikonse: musinthe chinthu chimodzi chokha. Mukasintha makala ndi kuchuluka kwa mchenga nthawi imodzi, simudzadziwa chomwe chabweretsa kusiyana.

Chomwe mchenga sungagwire

Pofika apa kalasi yonse imakhala itakhulupirira sefa. Ino ndiyo nthawi yoyesa chikhulupirirocho. Sungunulani masipuni ang'ono 6 a mchere, osasefukira, mu lita imodzi ya madzi a pamjigo. Amenewo ndi magalamu pafupifupi 35, mofanana ndi mchere wa m'madzi a nyanja zikuluzikulu monga ya Indian. Funsani ana alembe kaye zomwe akuyembekeza, kenaka dutsitsani madziwo pasefa, kutaya kapu yoyamba monga kale. Palibe chifukwa cholawa. Pambale yakuda kapena pachidutswa cha pepala lapulasitiki lakuda dontheza madontho atatu motalikirana: la madzi amchere osasefa, la osefa, ndi la madzi a pamjigo opanda mchere. Ikani padzuwa. Madzi akauma, madontho awiri oyamba adzasiya mchere woyera wofanana, pomwe lachitatu lidzasiya kachizindikiro kochepa chabe, ngati katsala n'komwe.

Mchere ukasungunuka umamwazika kukhala tinthu tochepetsetsa tomwe timayenda ndi madzi paliponse pomwe madzi angadutse. Tizilombo toyambitsa matenda ndi tokulirapo kuposa pamenepo, komabe kachilombo ka kolera n'kotalika pafupifupi mamilimita 0.002 okha, ngati kambulu ka dongo. Mwana yemwe waona dongo likudutsa pasefa atha kudziyankha yekha ngati kachilomboko kangatsekeredwe ndi mchenga wa masentimita 10. Zoona, pali sefa zazikulu za mchenga za pakhomo zomwe zimachepetsa kwambiri tizilombo, koma mchenga wake umakhala wakuya kopitirira theka la mita, ndipo mphamvu yake imadalira kansalu ka tamoyo tina komwe kamamera pamwamba pa mchenga patapita pafupifupi mwezi sefayo ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Botolo lathu la m'kalasi lilibe zimenezo.

Dzuwa ndi tizilombo

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mbali ina yosaoneka ndi maso, yomwe akatswiri amailemba kuti UV-A, ndipo imawononga tizilombo m'madzi. Anayamba kufufuza zimenezi mozama ndi Aftim Acra wa pa yunivesite ina ku Beirut m'zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe la Eawag la ku Switzerland linaikonza njirayi m'zaka za m'ma 1990 n'kuitcha SODIS. Malamulo ake ndi achidule. Botolo likhale loonekera mkati, lopanda mtundu, losakalika kwambiri, losapitirira malita 2, ndipo likhale la pulasitiki ya PET, yomwe imadziwika ndi nambala 1 yolembedwa m'kachizindikiro ka ngodya zitatu pansi pa botolo. Chotsani chipepala chake, lidzazeni ndi kuligoneka padzuwa, makamaka pa lata, kwa maola 6. Kumwamba kukakhala mitambo yophimba kupitirira theka, botolo likhale masiku awiri otsatizana, ndipo pa masiku a mvula yosalekeza njirayi siigwira ntchito.

Malamulo omalizawa ndi ofunika kwambiri kuno kwathu kuposa kumadera ouma. Mu June ndi July chiperoni chimatha kukuta phiri masiku angapo, ndipo mu January ndi February, pomwe matenda otsekula m'mimba amachuluka, ndi pomwenso dzuwa limasowa. Nyengo yabwino yochitira phunziroli ndi September ndi October, ngakhale kuti nthawi imeneyo mungafunike kudzipangira nokha madzi a matope povundula dothi m'ndowa. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho lata lipendekere kumeneko.

Apa ndi pomwe sefa ndi dzuwa zimakumana. Matope amatchinga kuwala, ndiye madzi ovunduka sayera ndi dzuwa. Mayeso ake ndi osavuta: imikani botolo lodzaza pamwamba pa mutu wa nkhani wa zilembo zikuluzikulu m'nyuzipepala, yang'anani kudzera pakamwa pake mpaka pansi. Zilembo zikamawerengeka, madziwo ndi oyera mokwanira kuikidwa padzuwa. Ana ayese madzi atatu aja, a mumtsinje, ogona usiku ndi osefa, aone omwe akhoza mayesowa.

Tinene mosabisa kuti popanda labotale sitingawerenge tizilombo tomwe tafa, choncho gawo ili ndi chionetsero cha njira chabe, ndipo madzi ake athiridwe kumaluwa. Chomwe tingaonetse ndi chakuti kuwala pakokha kumasintha zinthu, osati kutentha kokha. Ikani pepala la nyuzipepala padzuwa, theka lake mutaliphimba ndi nsalu yakuda. Pakatha masiku awiri kapena atatu, mbali yosaphimba idzakhala itachita chikasu, pomwe yophimba, yomwe inatenthedwanso pansi pa nsaluyo, idzakhala isanasinthe kwenikweni. Ngati sukulu ili ndi choyezera kutentha, fanizirani botolo la pa lata, la pa udzu ndi la pamthunzi nthawi ya 1 koloko masana. Kutentha kumathandiza kuwala, makamaka madzi akafika madigiri 50, koma kufunda kwa botolo pakokha si umboni woti madzi ali bwino. Pa madzi akumwa kunyumba, makamaka kukamveka za kolera monga mliri wa 2022 ndi 2023, uthenga woti ana apite nawo ndi womwewo wa alangizi a zaumoyo: kuwiritsa kapena kuthira klorini, ndi kusunga m'chiwiya chovundikira.

Dzuwa ndi mchere

Kwatsala mchere uja, womwe sefa yalephera ndipo kugoneka botolo padzuwa sikungauchotse. Thirani madzi amchere m'beseni lakuda, masentimita 2 okha kuya kwake, chifukwa madzi ochepa amatentha msanga. Pakati imikani kapu yopanda kanthu, yoikamo kamwala kotsuka kuti isayandame. Phimbani beseni ndi pepala lapulasitiki loonekera, mangani zolimba ndi mphira kuzungulira, ndipo ikani kamwala pamwamba pa pepalalo molunjika kapu kuti lilendewere pang'ono osakhudza milomo ya kapuyo. Liikeni padzuwa kuyambira 8 koloko m'mawa. Pakatha ola limodzi kapena awiri, kunsi kwa pepala kudzachita mame, madontho adzakula n'kuyamba kutsetserekera pakati ndi kugwera m'kapu. Dontho la m'kapumo liumitseni pambale yakuda ija, pambali pa dontho la m'beseni. La m'beseni lidzasiya mchere, la m'kapu silidzasiya.

Kapu ikapezeka youma, onani zinthu zitatu. Mwina mphepo ikulowa m'mbali n'kutulutsa nthunzi, mwina pepala lakungika kwambiri moti madontho akugwera m'beseni momwemo, kapena kamwala sikali pamwamba penipeni pa kapu. Madzi a m'kapu akapezeka ndi mchere, ndiye kuti beseni linagwedezeka polinyamula.

Ana amakhumudwa ndi kuchepa kwa madzi otuluka, koma kuchepako kulinso ndi phunziro. Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa yomwe imafunika kuti lita yomweyo itenthe kuchoka pa madigiri 20 kufika powira. Zipangizo za mtundu umenewu zomangidwa bwino, zokhala ndi galasi, zimatulutsa malita 2 mpaka 4 patsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Beseni la masentimita 40 kukamwa kwake ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8 a malo amenewo, ndiye ngakhale zonse zitayenda bwino silingapitirire theka la lita, ndipo la pepala lapulasitiki limapereka masipuni owerengeka. Ana a Sitandade 8 awerengere okha kuti pangafunike mabeseni angati kuti banja la anthu 6 lipeze malita 2 aliyense.

Mukamaliza, tulukani nawo panja ayang'ane phiri. Beseni lija ndi chithunzi chaching'ono cha zomwe zimachitika pamwamba pawo. Dzuwa limakweza nthunzi m'nyanja ya Indian, mchere n'kutsalira komweko. Mphepo ya kummwera chakummawa imabweretsa nthunziyo kudutsa Mozambique, ndipo ikagunda phiri lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, imakakamizika kukwera, imazizira, n'kusanduka madontho monga zinachitikira kunsi kwa pepala. N'chifukwa chake mbali ya kummwera kwa phiri, komwe kuli minda ya tiyi, imalandira mvula yambiri kuposa chigwa cha Phalombe kuseri kwake. Funso lolembera kunyumba likhale ili: ngati madzi a mvula amagwa opanda matope, kodi matope a m'ndowa yathu analowa pati pakati pa phiri ndi mlatho wa pa Chitakale, ndipo m'njiramo ndi malo ati omwe nthaka yake ili pambalambanda?